Kalata yopempha thandizo: ndinachotsa manambala n'kusiya munthu mmodzi

Kalata yomwe tinalemba m'kagulu kathu ka kutchalitchi, yopempha ndalama za fizi ya ana asukulu, inali yodzaza ndi manambala: ana amasiye angati m'dera lathu, angati asiya sukulu, maperesenti okhaokha. Tinaitumiza kwa abale athu a ku Joni ndi ku Mangalande, koma kunangoti zii. Mmodzi yekha ndiye anayankha kuti vutoli ndi lalikulu kwambiri, kandalama kake sikangasinthe kanthu. Apo m'pamene ndinaona cholakwika. Manambalawo ankamuuza wowerenga kuti iye ndi wochepa.

Ndinailembanso kuyambira pa mtsikana mmodzi wa Fomu 3. Ndinayamba ndakacheza ndi agogo ake, ndipo onse awiri anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe. Dzina ndinasintha, mudzi sindinautchule.

Chiganizo choyamba chinali cha m'mawa umene anabwezedwa pasukulu chifukwa cha fizi, atayenda kale mtunda wautali, yunifolomu itachapidwa bwinobwino dzulo lake. Mawu oti "wovutikitsitsa" ndinawafufuta paliponse, chifukwa yunifolomu ija inkanena zambiri kuposa mawuwo. Ndinalembanso zomwe agogo ake anachita okha, kugulitsa mbuzi, kuti asaoneke ngati anthu ongokhala n'kumadikira.

Nambala ndinasiya imodzi yokha, ya fizi ya teremu imodzi, ndi tsiku loyenera kulipira. Pansi pake ndinanena mosabisa kuti ndalama zikapitirira zithandiza anzake ena asanu ndi awiri. Popanda chiganizo chimenecho tikanawanamiza opereka. Msungichuma wathu anadandaula kuti tebulo lake la manambala latayika, ndiye tinaliika patsamba lachiwiri.