Kalata yofunsira usupavaiza kwa bwana amene amakudziwani kale

"Kuntchito kwathu kwatuluka mpata wa usupavaiza wa kusitolo ya katundu. Manijala wagwira nane ntchito zaka 4. Kalata ndiilembe bwanji?"

Musanayambe, khalani ndi chikalata cholengeza mpatawo, tsiku lotsekera, ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zimene munachita zomwe zili ndi umboni m'mabuku a kuntchito.

1. Pamwamba lembani dzina, udindo wanu wapano ndi deti. Ngati malamulo akuti kalata idzere ku ofesi yoona za ogwira ntchito, idzereni komweko ngakhale bwana mumadya naye nsima.

2. Mutu utchule udindowo monga momwe alembera pa chikalata. Chiganizo choyamba chinene kuti mukuufunsira.

3. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amalemba mizere iwiri poganiza kuti "abwana akundidziwa", kapena amabwereza mbiri yonse kuyambira sukulu. Kalatayo idzawerengedwanso ndi ena a komiti amene sakukudziwani, ndipo bwana akufuna mfundo zokuikirani nazo kumbuyo. Musalembe kuti "ndine wolimbikira". Lembani kuti: "Supavaiza wathu ali pa tchuthi kwa masabata 3, ndinkagawa mashifiti a anthu 6, ndipo powerenga katundu kumapeto kwa mwezi zonse zinagwirizana ndi buku." Sankhani zoonetsa kutsogolera anthu, chifukwa luso la manja akulidziwa kale.

4. Nenani chinthu chimodzi chimene mungakonze mukapatsidwa udindo, osanyoza amene akuchoka kapena anzanu opikisana nawo. Za ngongole ndi fizi ya ana musazitchule.

5. Pemphani mwayi wokambirana, sainani, musapitirire tsamba limodzi. Sungani kope lanu lodindidwa tsiku limene ailandira.