Mtundu wa chokazinga suulula mafuta amene anaphikira

Chiyambireni nyengo yokolola ino ndakhala ndikumva anthu pa msika wa Kamuzu Road kuno ku Salima akusankha tchipisi cha chinangwa ndi zokazinga zina za m'mapaketi poyang'ana maonekedwe okha. Akuti choyera bwino chakazingidwa m'mafuta a mpendadzuwa, pamene chofiirira chakazingidwa m'mawese. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo zikundidetsa nkhawa chifukwa ambiri amene akuwatsatira ndi omwe anauzidwa kuchipatala kuti asamale ndi mafuta pa vuto la kuthamanga kwa magazi ndi mtima.

Chimene chimafiiritsa chokazinga ndi shuga amene ali mu chinangwa kapena mu ufa, ukali wa moto, ndiponso kukalamba kwa mafuta amene abwerezedwa kambirimbiri. Mafuta a mpendadzuwa omwewo akapsa kwa masiku angapo m'chiwaya amadetsa mandasi. Mawese ofiira aja timawadziwa a ku Karonga ndi osayeretsa, koma amene mafakitale amagwiritsa ntchito amakhala atachotsedwa kufiirako, motero tchipisi chake chimatuluka choyera mbee. Kodi tidzaleka liti kukhulupirira maso pa chinthu chimene maso sangachione?

Mlimi wina wa ku Khombedza, amene amalima mpendadzuwa, anandiuza monyadira kuti mafuta a mbewu yake amawazindikira ngakhale ali patali, ndipo anandionetsa paketi imene amagulira mayi ake odwala pa mtengo wokwererapo. Titaitembenuza tinangopeza mawu akuti "vegetable oil". Iye ankayesa kuti mawuwa akutanthauza mafuta abwino, chikhalirecho amangonena kuti mafutawo ndi ochokera ku zomera, kaya ndi soya, thonje, mawese kapena osakaniza. Nawonso mawu akuti "cholesterol free" sathandiza kusiyanitsa, pakuti mafuta onse a zomera ali choncho.

Umboni unali m'kabokosi ka manambala kumbuyo kwa paketiyo. Pa magalamu 100 a tchipisi, mzere wa "total fat" unali ndi magalamu 30, ndipo wa "saturated fat", omwe ndi mafuta ogwirana amene madokotala amati tichepetse, unali ndi 14. Apa ndiye kuti pafupifupi theka la mafutawo ndi ogwirana, ndipo umu ndi mmene mawese amakhalira. Akanakhala a mpendadzuwa kapena a soya tikanaona magalamu 3 mpaka 5 okha. Bamboyo wakhala akulipira ndalama zambiri pa chinthu chomwe ankafuna kupewa.

Choncho muziyerekeza manambala awiriwo musanagule, ndipo paketi yolembedwa "partially hydrogenated", kutanthauza mafuta olimbitsidwa ku fakitale amene si abwino ku mtima, muziisiya. Dziwani kuti njirayi singasiyanitse soya ndi mpendadzuwa. Pa zitumbuwa ndi mandasi opanda chizindikiro, funsani wokazingayo akuonetseni chigubu cha mafuta. Inu a m'magulu opakira zokazinga, lembani dzina lenileni la mafuta, makamaka ngati ndi a mtedza, chifukwa alipo anthu amene mtedza umawadwalitsa.