Mtengo ukayamba kukukomerani: kutseka gawo ndi kukankha sitopu

Achinyamata ambiri amene amachita malonda a foreksi pa foni kuno ku Salima amadziwa polowera, koma potulukira ndi pamene pamavuta. Munthu wagula, mtengo wakwera, phindu likuoneka pa sikirini, ndiye mtima uli phaa phaa. Wina amatseka zonse mwamantha, kenako n'kumaonerera mtengo ukupitirira ulendo popanda iye. Wina amangoyang'ana mpaka phindu lonse litasungunuka n'kusanduka kuluza. Njira ziwiri zimathandiza pamenepa: kutseka gawo la tiredi kuti phindu lina lilowe m'thumba, ndi kumakankha sitopu, lamulo lotseka tiredi mtengo ukafika pamalo amene mwasankha, kumbuyo kwa mtengo kuti gawo lotsalalo litsekeke lokha mtengo ukabwerera. Zonsezi muzilembe papepala musanalowe, chifukwa tiredi ikayamba kuyenda mutu sugwiranso ntchito bwino.

Titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto. Mitengoyi ndi yongophunzirira. Tinene kuti mu akaunti muli madola 600 ndipo simufuna kutaya ndalama zoposa madola 12 pa tiredi imodzi. Mwagula EURUSD, yuro poyerekeza ndi dola, pa 1.0850 mukuyang'ana tchati cha H1, chimene kandulo iliyonse imaimira ola limodzi, ndipo sitopu mwaiika pa 1.0820, mapipi 30 pansi, pakuti pipi imodzi ndi 0.0001. Kukula kwa tiredi kumayezedwa ndi loti, ndipo pa EURUSD loti ya 0.01 imayendetsa masenti 10 pa pipi iliyonse, choncho loti ya 0.04 imayendetsa masenti 40. Mapipi 30 kuchulukitsa ndi masenti 40 ndi madola 12 aja.

Apa pali kale chinthu choyenera kuchidziwa. Mabuloka ambiri loti yawo yaing'onong'ono ndi 0.01, ndipo imeneyi siigawika. Amene walowa ndi 0.01 sangatseke theka. Ngati akaunti yanu imangokwanitsa 0.01, musakulitse loti pofuna kuti mudzathe kuigawa. Siyani za kugawazo, gwiritsani sitopu yokha.

Mtengo wafika pa 1.0880. Wakwera mapipi 30, ofanana ndendende ndi amene munalolera kutaya. Apa tsekani theka. Pa pulogalamu ya MetaTrader ya pakompyuta, dinani kawiri tirediyo, pa Volume lembani 0.02 m'malo mwa 0.04, kenako dinani batani la Close. Pa foni, gwirani tirediyo mpaka patuluke Close, ndipo musinthe nambala ya loti musanatsimikize. Yang'anani nambalayo kawiri, chifukwa mukaiwala kuisintha tiredi yonse imatsekeka. Mwalowetsa mapipi 30 pa masenti 20, amene ndi madola 6.

Tsopano werengerani bwino, pakuti apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Mwatsala ndi 0.02, ndipo sitopu idakali pa 1.0820. Mtengo utagwa mpaka kuigunda, mutaya madola 6. Koma madola 6 mwatenga kale. Ndiye kuti tirediyi singakuluzitseninso, kupatula tindalama ta komishoni ndi ta kugoneka tiredi usiku kapena mtengo utalumpha sitopu, ngakhale sitopuyo simunaikhudze n'komwe. Palibe chokuthamangitsani kuti muikokere pa 1.0850 pamene munalowera. Ambiri amachita zimenezo nthawi yomweyo, amati ateteze mpamba, koma mtengo umakonda kubwerera kudzanunkhiza pamene unadumphira usanapitirize ulendo. Ukangogunda sitopu yanu pa 1.0850 n'kukweranso, mwatuluka pa tiredi yabwinobwino chifukwa cha mantha basi.

Nanga sitopu isunthe liti? Ine ndimalangiza kutsatira mapazi a mtengowo. Mtengo wokwera suyenda mowongoka: umakwera, umatsikako pang'ono, n'kukweranso kupitirira pamene unalekezera. Pamene unatsikira n'kutembenuka paja ndiye poikira sitopu, koma muziyembekeza kaye kuti upitirire nsonga yakale. Pa chitsanzo chathu, mtengo wafika 1.0895, watsika mpaka 1.0868, kenako kandulo ya ola yatseka pamwamba pa 1.0895. Apa tsopano kankhirani sitopu pa 1.0860, mapipi 8 pansi pa 1.0868. Mpatawo ngwofunika chifukwa masitopu a anthu ambiri amaunjikana pansi penipeni pa malo oterowo, ndipo mtengo umatha kungolumphirapo pang'ono n'kubwerera.

Mtengo wapitirira mpaka 1.0930, watsikira pa 1.0905, wakweranso kudutsa 1.0930. Sitopu ipite pa 1.0897. Wafika 1.0950, kenako mphamvu yatha, wagwa mpaka kugunda sitopu. Gawo lachiwiri lakupatsani mapipi 47 pa masenti 20, madola 9.40. Kuphatikiza ndi madola 6 oyamba aja, mwapeza madola 15.40. Inde, mtengo unafika 1.0950 ndipo mapipi 53 mwawabweza. Musadandaule nazo. Sitopu yotsatira mtengo singakutulutseni pansonga, ntchito yake ndi kukusungani m'kati mpaka zitaoneka kuti ulendo watha, ndipo zimenezo zimaoneka mtengo utabwerera kale.

Lamulo lake n'lakuti sitopu imapita mbali imodzi yokha. Ngati mwagula, imakwera kapena kukhala pomwepo. Tsiku limene mudzaitsitse kuti mupatse mtengo mpata wina, dziwani kuti mwasiya ndondomeko ndipo mwayamba kupemphera.

Pulogalamu ya MetaTrader ili nayo njira yake yokankha sitopu yokha. Pa kompyuta mukadina tiredi ndi batani lakumanja pamabwera Trailing Stop, n'kusankha mtunda. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Choyamba, mtundawo umawerengedwa m'mapointi, ndipo kwa buloka amene mitengo yake ili ndi manambala 5 kumanja kwa kadontho, mapointi 10 ndi pipi imodzi. Mukalemba 30 mukuganiza kuti ndi mapipi 30, mwaika mapipi 3 okha, ndipo tiredi sikhala ngakhale mphindi zochepa. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chachikulu kwa ife kuno, Trailing Stop ya MetaTrader imagwira ntchito mu kompyuta yanuyo, osati kwa buloka. Magetsi akazima, batire la laputopu likatha, kapena netiweki ikaduka monga imachitira mvula yamabingu ikabwera cha ku Senga Bay, sitopu imaleka kuyenda. Imene imatsala ndi Stop Loss yomaliza imene inali itatumizidwa kale kwa buloka. Imeneyo imagwirabe ntchito, koma siisunthanso mpaka mutalumikizanso. N'chifukwa chake kukankha ndi dzanja, kudzera pa Modify, kumatiyenera kwambiri: kumatheka pa foni, ndipo chilichonse chimene mwatumiza chimakhala kwa buloka ngakhale foni itazima.

Palinso vuto la mtunda wochepa. Mukanaika Trailing Stop ya mapointi 150, ndiye kuti mapipi 15, pa chitsanzo chathu chija, sitopu ikanafika pa 1.0880 pamene mtengo unali pa 1.0895. Kutsika kuja kopita ku 1.0868 kukanakutulutsani ndi madola 6 okha pa gawo lachiwiri, onse pamodzi 12, ndipo ulendo wa ku 1.0950 mukanauonera panja. Msodzi amene wakola kampango wamkulu samangitsa chingwe nthawi yonse, amachimasulirako nsomba ikamaphupha, apo ayi chimaduka. Kuti mudziwe kuchuluka kwa mpata woyenera, ikani pa tchati chida chotchedwa ATR, chimene J. Welles Wilder anachifalitsa mu 1978. Chimaonetsa kutalika kwa makandulo mwa avereji, kawirikawiri pa makandulo 14 apitawa. Ngati ATR ya H1 ikuonetsa mapipi 12, sitopu ya mapipi 15 ili m'kati mwa kugwedezeka wamba kwa msika. Ambiri amaika mtunda wa ATR kuchulukitsa kawiri kapena katatu, apa ndiye mapipi 24 mpaka 36, kuwerengera kuchokera pansonga imene mtengo wafika.

Tsopano ndinene chimene ophunzitsa ena amabisa: kutseka theka sikwaulere. Mukanasunga 0.04 yonse ndi masitopu omwe aja, mukanapeza mapipi 47 pa masenti 40, madola 18.80, osati 15.40. Pa tsiku limene mtengo ukuthamanga, kugawa kumakudyerani phindu. Kumakupulumutsani pa tsiku limene mtengo wafika 1.0880 n'kugwa mpaka 1.0820, pamene wosunga zonse waluza madola 12 koma inu mwatuluka osataya kanthu.

Ndipo pali msampha wa masamu umene suoneka msanga. Mukaluza, mumaluza ndi loti yonse, madola 12. Mukatseka theka n'kukokera sitopu pamene munalowera, kenako gawo lachiwiri n'kutsekeka popanda phindu, mwapeza madola 6 okha. Ngati matiredi anu ambiri akutha chotero, mufunika kupambana kawiri pa katatu kalikonse kuti mungobweza zanu, osapindula ayi. Munthu amatha kumadzitama kuti amawina kawirikawiri pamene akaunti ikuwonda. Chimene chimalipira ndi gawo lachiwiri lija likathamanga kutali, choncho kulipha msanga ndi sitopu yothina ndi kupha ndondomeko yonse. Kuti mudziwe ngati kugawa kukukuthandizani inuyo, lembani m'kope matiredi 30 kapena kuposerapo, makamaka pa akaunti ya demo. Pa iliyonse lembani zimene mwapeza, zimene mukanapeza mutatseka zonse pa mapipi oyamba aja, ndi zimene mukanapeza mutasunga zonse. Phatikizani mzere uliwonse pawokha, kenako muyerekeze itatuyo. Njira ya munthu wina imakonda maulendo aafupi, ya wina maulendo aatali, ndipo kope lanu ndi limene lingakuuzeni.

Sitopu ikakhala kale m'dera la phindu, musaitenge ngati ndalama ili m'manja. Ndi lamulo lotseka pa mtengo umene wapezeka sitopuyo ikagundidwa, ndipo mtengo umatha kuilumpha. Zimachitika pa nthawi ya nkhani zikuluzikulu, monga lipoti la ntchito la ku America limene nthawi zambiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, 2:30 masana nthawi ya kuno kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi 3:30 miyezi inayo. Zimachitikanso msika ukatsegula pambuyo pa Loweruka ndi Lamulungu pa mtengo wotalikirana ndi umene unatsekera. Sitopu ya pa 1.0897 ikhoza kukutsekerani pa 1.0880. Ngati Lachisanu madzulo gawo lachiwiri lidakali lotsegula ndipo tiredi yanu ndi ya pa H1, kulitseka n'kwabwino kusiyana ndi kugona nalo masiku awiri.

Kwa amene agulitsa m'malo mogula, zonse zimatembenuka: sitopu imatsika, ndipo imakhala pamwamba pa nsonga zimene mtengo ukusiya. Koma onjezerani mpata wa sipuledi, kusiyana kwa mtengo wogulitsira wotchedwa Bid ndi wogulira wotchedwa Ask. Tchati nthawi zambiri chimaonetsa mtengo wa Bid, pamene sitopu ya wogulitsa imagundidwa ndi mtengo wa Ask, umene uli pamwamba. Cha m'ma 11 koloko kapena 12 koloko usiku nthawi ya kuno, pamene msika wa New York ukutseka tsiku, sipuledi imafutukuka kwa kanthawi. Mukadzuka m'mawa n'kupeza tiredi yatsekeka pamene kandulo sinafike n'komwe pa sitopu yanu, musanayambe kukalipira buloka, yatsani mzere wa Ask pa tchati ndipo muone kukula kwa sipuledi pa ola limenelo.