Nyimbo ya kwaya inkamveka ngati ikuyimbidwa m'madzi

Nyimbo ya kwaya yathu kuno ku Mangochi inatuluka mu situdiyo ikumveka bwino, koma itafika pa zokuzira mawu za kutchalitchi, mawu a "s" ndi chisekese zinkangoti shwee ngati zili m'madzi.

Ndinatsata njira imene inayenda. Inayamba ngati fayilo ya WAV, imene imasunga mawu onse osataya kanthu, wina anaisandutsa MP3 ya 128 kbps, wina nʼkuiika mu vidiyo momwe inasanduka AAC, kenako woika nyimbo m'makadi anaichotsamo nʼkuibwezera ku MP3. Katatu konseko inkataya kanthu.

MP3 ndi AAC zimachepetsa fayilo potaya tizidutswa ta mawu timene khutu silingatimve msanga. Kbps ndi muyeso wa kuchuluka kwa deta imene fayilo imanyamula pa sekondi iliyonse. WAV ya mulingo wa CD imanyamula 1,411 kbps, ndiye pofika pa 128 zambiri zapita ndipo sizibwerera. Choipa kwambiri nʼchakuti ulendo wachiwiri pulogalamu yochepetsa fayilo siidziwa kuti kaphokoso kamene kanalowa poyamba si nyimbo. Imakasunga ngati nyimbo, nʼkuwonjezerapo kake. Nʼchifukwa chake kukweza fayilo yowonongeka kufika pa 320 kbps kumangoinenepetsa, sikuichiritsa.

Ndinabwerera ku situdiyo kukatenga WAV yoyamba ija. Kudula ndi kukweza mawu ndinachitira pa iyoyo mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity, nʼkusunga kope la FLAC, limene limachepetsa fayilo osataya kanthu. Tsopano MP3 iliyonse ndimaitulutsa kamodzi kokha kuchokera pamenepo, pa 192 kbps, ndipo ya vidiyo imachokeranso ku WAV. Pa WhatsApp ndimatumiza ngati Document kuti ifike mmene ilili.