Poyesa mphamvu ya uthenga wa zaumoyo pa wailesi, musayambe mwafunsa kuti "munaumva?"

Anzanga amene mukulemba pulani ya kafukufuku wa mauthenga a zaumoyo pa wailesi, pulani yanga yoyamba inabwezedwa chifukwa cha funso lomweli. Ndinkafuna kudziwa ngati uthenga wa katemera wa ana unkakopa amayi kupita kusikelo, ndipo ndinalemba kuti ndidzawafunsa ngati anaumva. Wondiyang'anira anangodula mzere pansi pake. Amayi ambiri akafunsidwa choncho amangovomera mwaulemu, ngakhale wailesi yawo inatha mabatire kalekale.

Yambani ndi funso losatchula yankho: "Mwezi wathawu mwamva chiyani pa wailesi chokhudza umoyo wa ana?" Mayi atchule yekha. Mukatero mutchulireni mayina a mapulogalamu, koma muikepo limodzi lopeka, lomwe silinaulutsidwepo. Amene avomere kuti anamva lopekalo akuonetsani kuchuluka kwa mayankho ongokusangalatsani.

Za katemera musadalire pakamwa. Pemphani khadi la mwana, mukopere masiku a katemera, muone ngati ali patsogolo kapena pambuyo pa tsiku limene uthenga unayamba kuulutsidwa.

M'gawo la zofooka za kafukufuku lembani poyera kuti njirayi ionetsa kugwirizana kokha, osati kuti wailesi ndiyo yachititsa. Banja lokhala ndi wailesi kawirikawiri limakhalanso lopezako bwino kapena lapafupi ndi chipatala, choncho funsaninso mtunda wopita kuchipatala ndi maphunziro a mayi kuti mudzathe kusiyanitsa powerengera.