Phimbani ndi chala, mwininkhani aonekere

Aphunzitsi anzanga a Chichewa kuno ku Salima, poyendera sukulu ndakhala ndikuona m'makope a ana a Sitandade 8 ndi Fomu 2 kuti funso lakuti "konzani chiganizo ichi" likuwadyera malikisi. Magulu a mayina amawaloweza bwinobwino, Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma mpaka kumapeto. Pamene amagwa ndi pamene mwininkhani watalika, chifukwa mwana amagwirizanitsa mneni ndi dzina limene khutu lake lamva pafupi.

Tiyeni titenge chiganizo ichi: "Dengu la nsomba zouma zimene amayi anagula ku Chipoka zanyowa ndi mvula."

Mwana akachiwerenga mokweza samva vuto lililonse. Wamva nsomba, zouma, zimene, ndiye pofika pa zanyowa lilime langotsetsereka lokha. Ndiponso dengu likanyowa nsomba nazo zimanyowa, choncho tanthauzo silimuchenjeza. Ndaonapo mtsikana wina atachiwerenga katatu, cholembera chili kukamwa, kenaka nalemba kuti palibe cholakwika.

Chitani naye motere. Ayambe wapeza mneni wamkulu, amene akunena chimene chachitika, nadule mzere kunsi kwake. Pano ndi zanyowa. Ena amathamangira anagula, koma ameneyu ali m'kachiganizo kongofotokoza nsomba, ndipo mwininkhani wake ndi amayi. Kenaka abwerere ku dzina loyamba n'kuphimba ndi chala mawu onse kuyambira pa "la" mpaka pa "Chipoka". Chotsala ndi "Dengu zanyowa ndi mvula." Apa ngakhale mwana wa Sitandade 2 angakane. Dengu ndi la gulu la Li-Ma, timati dengu ili, choncho mneni akhale lanyowa. Akachotsa chala alembe chiganizo chonse atasintha mawu amodzi okhawo.

Pamenepa ndikupemphani muwagwire dzanja, chifukwa ana akazindikira vutoli amapitirira muyeso. Amasintha zouma kukhala louma, zimene kukhala limene. Awa sanalakwike, akufotokoza nsomba ndipo akugwirizana ndi nsombazo. Amayi anagula nsomba, dengu likhoza kukhala lawo lakalekale.

Njira yomweyi imagwira pa "Gulu la asodzi a ku Lifuwu abwera", pamene yankho ndi labwera, komanso pa "Mmodzi mwa asodziwo avulala", pamene wovulala ndi mmodzi, ndiye wavulala. Koma popanga zitsanzo za mmodzi mwa, musagwiritse nthawi yatsopano yopitirira. Timati msodzi akubwera, asodzi akubwera, mgwirizanitsi ndi a- konsekonse, ndipo mwana saona kusiyana. Pa wabwera ndi abwera m'pamene zimaonekera.

Chala chikapeza mwininkhani ntchito siinathe, pakuti mayina ena amanamiza maso. Chule amayamba ndi ch ngati chambo, koma sitinena kuti chule chalumpha. Muuzeni mwana aloze chinthucho ndi pakamwa: chambo ichi, chule uyu. Akatero gulu ladziwika, ndipo alemba kuti chule walumpha. Fodya ndi mpunga nazo zimasokoneza, chifukwa timati fodya wauma, mpunga wauma, ngati kuti n'za gulu limodzi. Akaloza amapeza fodya uyu, mpunga uwu, n'chifukwa chake fodya akuuma koma mpunga ukuuma.

Mayina awiri akalumikizidwa ndi "ndi", zinthu zimatenga zi-, monga khasu ndi nkhwangwa zasowa, ndipo anthu amatenga a-. Munthu ndi chiweto pamodzi sizikoma m'kamwa, bola kutembenuza chiganizo kuti mlimi wabwera ndi mbuzi yake.

Ulemu nawo muusamale, poti ana athu anakula nawo ndipo pamayeso umawazunguza. "Agogo afika" ndi chiganizo cholondola ngakhale agogowo ali amodzi, asachikhudze. Koma akapeza "Mfumu ya m'mudzi mwathu afika", aphimbe pakatipo aone kuti dzina lalembedwa popanda a waulemu. Mfumu iyi, ndiye yafika. Umboni uli pomwepo, pa kamawu kakuti "ya" kotsatana ndi dzinalo. Akanalemba amfumu, kakanakhala "a". Kamawu kameneka kamathandiza kwambiri, chifukwa nthawi zambiri wolemba funso amakasiya kolondola n'kuwononga mneni yekha. Pa dengu paja kanali "la", ndipo kanali katanena kale kuti mneni ayambe ndi l.

Pa bolodi lembani ziganizo zisanu, zitatu zolakwika ndi ziwiri zolondola, osawauza kuti ndi ziti. Aliyense abwere aphimbe ndi chikhatho chake, awerenge chotsalacho mokweza anzake akumva, kenaka atenge choko.