Apolisi akagogoda pakhomo kapena kukuimitsani pa rodibuloko ku Joni: momwe mungachitire

Chipikisheni chambiri chimene apolisi amachita m'mafulati a ku Hillbrow, Yeoville ndi Rosettenville sichikhala ndi waranti, komabe chikafika kukhothi chimaoneka chovomerezeka. Chifukwa chake n'chakuti mwini chipinda anatsegula chitseko n'kunena kuti "lowani bwana". Ulemu wathu wa kumudzi umenewu, lamulo la kuno limauwerenga ngati chilolezo.

Gawo 14 la malamulo aakulu a South Africa limateteza aliyense kuti asasechedwe mwachisawawa, iyeyo, nyumba yake ndi katundu wake. Likunena aliyense, osati nzika zokha. Ndondomeko ya chipikisheni ili mu Criminal Procedure Act, lamulo nambala 51 la 1977.

Poyamba, musanatsegule, funsani kuti ndi ndani ndipo akufuna chiyani. Gawo 27 limati wapolisi ayambe wapempha momveka kuti alowe ndi kunena chimene wabwerera asanathyole chitseko, pokhapokha akakhulupirira kuti katundu akufunidwayo awonongedwa kapena kutayidwa. Pemphani kuona khadi lake la ntchito, lokhala ndi chithunzi, dzina ndi nambala. Yunifolomu yokha si umboni, mbava za m'tauni muno zimavalanso zovala zapolisi. Mukakayika, imbani 10111 chitseko chikadali chotseka.

Kenako funsani waranti. Amaipereka ndi majisitireti, kapena mkulu wa apolisi wa udindo wovomerezeka, atamva umboni wolumbirira. Iwerengeni pomwepo ngati akuonetsani, ndipo muyang'ane adiresi ndi nambala ya fulati, mlandu umene akufufuza, katundu amene akufuna, ndi siginecha ya woipereka. Waranti imagwira masana, kupatula ngati woiperekayo walemba kuti igwirenso usiku. Akamaliza, mukapempha kope ayenera kukupatsani, malinga ndi gawo 21. Ambiri sapempha, ndiye loya amasowa poyambira.

Pamene zinthu zimasokonekera kwambiri ndi pomwe apolisi alibe waranti. Gawo 22 limawapatsa njira ziwiri. Yoyamba ndi chilolezo cha munthu woyenera kuloleza. Yachiwiri ndi pamene wapolisi ali ndi zifukwa zomveka zokhulupirira kuti majisitireti akanamupatsa waranti akanapempha, komanso kuti kupita kukaitenga kungachedwetse mpaka katunduyo kusowa. Pa njira yachiwiriyi, zifukwa ziwirizi ziyenera kukhalapo zonse, ndipo wapolisiyo ndiye adzazifotokoze kukhothi. Mukangovomera, mtolo umenewu mwamutula, sadzafunikanso kufotokoza chilichonse.

Tiyerekeze kuti bambo wina akuchita lendi chipinda chimodzi mu fulati ya zipinda zitatu ku Yeoville. Cha m'ma 9 koloko usiku apolisi afika, akuti amva kuti m'nyumbamo mukugulitsidwa mafoni akuba. Woyang'anira nyumba wawatsegulira geti ya pansi, n'kuwauza kuti aseche paliponse. Chilolezo cha woyang'anirayo chikhoza kukwanira pamakwerero ndi m'makhonde, koma chipinda chokhoma chimene bamboyu amalipira ndi kugonamo ndi nyumba yake. Apolisi akati "tingoyang'ana pang'ono", iye n'kupatuka pakhomo osalankhula, kukhothi zikhoza kudzanenedwa kuti anavomera. Choyenera n'kulankhula momveka, aneba akumva, m'Chingerezi kapena m'Chizulu, kuti sakuvomereza chipikishenicho popanda waranti koma sawatsekereza. Akalowabe, ndiye kuti alowa pa njira yachiwiri ija, ndipo adzayenera kuonetsa kuti anamva chiyani, kwa ndani, nthawi yanji, nanga n'chifukwa chiyani sakanadikira. Ngati uthengawo anaulandira masiku angapo m'mbuyomo, nkhani ya kuchedwa imavuta kuiteteza.

Chonde musagwire chitseko kapena kukankha munthu. Kutsekereza wapolisi pa ntchito ndi mlandu paokha, ndipo mukamangidwa, gawo 23 limamulola kukusechani m'thupi popanda waranti. Kanani ndi pakamwa basi.

Enanso amabwera ndi mawu akuti angofuna kufunsa mafunso. Gawo 26 limawalola kulowa pamalo kukatenga umboni wapakamwa, koma m'nyumba yogonamo salowa popanda chilolezo cha wokhalamo. Mafunsowo mungathe kuyankhira pakhomo.

Nanga akatseka msewu wonse kapena nyumba yonse yosanja? Lamulo la apolisi, nambala 68 la 1995, limalola kutseka dera kwa maola osapitirira 24 ndi chilolezo cholembedwa cha komishinala. Kale apolisi ankalowa khomo ndi khomo ndi pepala lomwelo. Anthu okhala ku Industry House ku New Doornfontein ndi m'nyumba zina za pakati pa tauni, amene anasechedwa motere mu 2017 ndi 2018, anakasuma, ndipo mu 2021 khothi lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula kuti kutseka dera sikupereka mphamvu yolowa m'nyumba za anthu popanda waranti. M'chipinda mwanu mukugwirabe malamulo aja a gawo 21 ndi 22.

Akamasecha, khalani pomwepo n'kumatsatira ndi maso, chipinda ndi chipinda. Mzimayi amasechedwa m'thupi ndi mzimayi mnzake yekha, gawo 29 likutero. Chilichonse chimene atenga, kaya ndi foni, ndalama kapena pasipoti, chilembedwe, ndalama ziwerengedwe inu mukuona, ndipo mufunse siteshoni imene akupita nazo ndi nambala yake m'kaundula wa SAPS 13. Katundu wosalowa m'kaundulayu savuta kusowa.

Pa rodibuloko nkhani imatembenuka. Gawo 13(8) la lamulo la apolisi lija limati komishinala wa dziko kapena wa chigawo akapereka chilolezo cholembedwa, chotchula tsiku, nthawi, malo ndi cholinga, apolisi angaseche galimoto ndi anthu amene aimitsidwa popanda waranti. Apa kufunsa waranti n'kutaya nthawi. Funsani kope la chilolezocho, ayenera kukuonetsani mukapempha. Onani ngati tsiku ndi msewu zikugwirizana ndi pamene mwaima. Pali rodibuloko yadzidzidzi yopanda pepala, pamene akusaka anthu a mlandu waukulu ndipo nthawi yachepa, koma mukafunsa ayenera kukuuzani chifukwa.

Galimoto imodzi ya JMPD, apolisi a mzinda wa Joni, yoima m'mbali mwa msewu si rodibuloko. Angakuimitseni, kuona layisensi yanu, disiki ndi mmene galimoto ilili, koma kutsegula zikwama zanu kukufunabe chilolezo chanu kapena zifukwa za gawo 22. Muli mu takisi kapena basi ya ku Malawi pa N1, malamulo ndi omwewa, kupatula mukayandikira Beitbridge: mkati mwa makilomita 10 kuchokera pamalire apolisi angaseche popanda waranti.

Za mapepala, gawo 41 la lamulo la olowa ndi kutuluka la 2002 limalola wapolisi kukufunsani umboni woti muli m'dziko mololedwa, ndipo akakayika pa zifukwa zomveka angakusungeni mpaka maola 48 akutsimikiza. Kufunsa pasipoti sikumupatsa mphamvu yovundukula matiresi. Ya fanta musapereke, wopereka ndi wolandira onse ali ndi mlandu wa ziphuphu, ndipo mawa abweranso pakhomo lomwelo.

Akachoka, lembani nthawi, mayina, nambala ya galimoto ndi aneba amene anaona, jambulani zowonongeka. Kumenyedwa kapena kuzunzidwa kanenedwe ku IPID, bungwe lofufuza milandu yopalamulidwa ndi apolisi. Legal Aid South Africa imapereka uphungu waulere pa 0800 110 110, musathamangire anthu oima kunja kwa khothi odzitcha maloya. Ngati mukufuna kusumira chipukuta misozi, kalata yodziwitsa boma iyenera kufika pasanathe miyezi 6 kuchokera tsiku la chipikishenicho.